Siketi yokulunga ya chitenje ikuyasama kutsogolo, ndalakwitsa pati?

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndithandizeni. Ndinagula chitenje ku Limbe kuti ndidzisokere siketi yokulunga, ija yomanga ndi zingwe pambali, yopanda zipi. Makina ndi a malemu mayi anga, opalasa ndi mapazi, amangosoka msoko wowongoka basi. Ndinayeza chiuno ndikupeza masentimita 82. Mnzanga anati ndiwonjezere theka lake, ndiye ndinadula masentimita 125 mulifupi ndi 90 kutalika, ndikupinda mbali zonse, ndikuika lamba. Ndikaimirira pagalasi ikuoneka bwino ndithu. Koma ndikangoyenda, kutsogolo kukuyasama mpaka ntchafu kuonekera, ndipo ndikakhala pampando ndiye zosayamba. Kumbuyo nako lamba sakugwira msana, akusiya mpata woti dzanja n'kulowa. Ndalakwitsa pati? Nanga nsaluyi ingapulumuke?

Mayi_a_Tadala
Mangitsani zingwe kwambiri, asisi. Yanga imatero ndikamanga mofooka.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Ndamangitsa mpaka kupuma movutika, mayi a Tadala. Ndikakoka kwambiri ndi pamenenso kumunsi kukutseguka.

Telala_wa_Pakhonde
Mayi Phiri, musanachite china chilichonse, tengani tepi muyeze mahipi pamalo otakata kwambiri, mutiuze. Muyeze mutavala chovala chopyapyala, tepi isathine. Mutiuzenso kukula kwa chidutswa chimene chinatsala.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Mahipi ndi 104, abambo. Chidutswa chotsala ndi masentimita 56 mulifupi, kutalika kwake ndi konse kwa chitenje, 112. Palinso kamzere kamene kanatsala nditadula lamba.

Telala_wa_Pakhonde
Vuto lapezeka. Mnzanu uja sananame poti muwonjezere theka, koma theka lake si la chiuno, ndi la mahipi. Siketi yokulunga imazungulira thupi kamodzi ndi theka: kutsogolo kumakhala nsalu ziwiri zosanjikizana, kumbuyo imodzi. Tsono nsalu siyizungulira chiuno chokha, iyenera kudutsanso pamahipi pamene pali potakata.

Tiwerengere limodzi. Munadula 125. Mutapinda mbali ziwirizo munadya masentimita ngati atatu uku ndi atatu uko, kutsala 119. Pachiuno, 119 kuchotsa 82 kutsala 37, ndiye pamenepo nsalu zasanjikizana mokwanira, n'chifukwa chake pagalasi mukuona ngati zili bwino. Koma pamahipi, 119 kuchotsa 104 kutsala 15 okha. Masentimita 15 ndi pafupifupi chikhatho chimodzi chotambasula. Mukaponya mwendo umodzi kutsogolo, chikhatho chimenecho chatha, siketi yatseguka. Ndipo mukakhala pansi mahipi amafutukuka, kotero 15 uja amacheperanso.

Mukanayenera kutenga 104 n'kuwonjezera 52, kukhala 156, n'kuikaponso 6 wopindira m'mbali. Ndiye kuti podula mukanadula 162.

Chimz_ku_Joni
Koma bwanji osangovala chitenjecho mmene chilili? Amayi athu akhala akumanga chitenje m'chiuno kuyambira kale, popanda makina, ndipo sichiyasama.

Gogo_Nachisale
Mwanawe, chitenje sichiyasama chifukwa timachimanga chonse, mamita awiri athunthu. Pa munthu wa mahipi ngati awa chimazungulira pafupifupi kawiri. Komanso kawirikawiri timavala siketi kapena diresi mkati. Mwana uyu akufuna chovala chopita nacho ku ntchito, chogona bwino pamimba, osati mfundo ya chitenje yotupa pansi pa bulauzi. Ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chimz_ku_Joni
Ndamva, agogo.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Zikomo abambo, ndamvetsa tsopano. Ndiye ndigule chitenje china? Sindikudziwa ngati ndikachipezenso chamaluwa omwewa.

Telala_wa_Pakhonde
Musagule. Chidutswa cha 56 chija chikukwanirani. Masulani lamba yense, mumasulenso mpendero wa mbali imodzi, mbali imene imalowa mkati mukavala. Musite ndi simbi kuti mzere wopinda uja ufafanizike. Pachidutswa chotsalacho dulani masentimita 40 mulifupi, kutalika 90 ngati inzake. Mukalumikiza ziwirizi msoko udya atatu, umodzi ndi theka uku, umodzi ndi theka uko, ndiye 125 kuphatikiza 40 kuchotsa 3 mwafika pa 162 yemwe timafuna uja.

Chifukwa chimene ndanenera mbali ya mkati ndi ichi: nsalu yapamwamba idzaphimba masentimita 52 a nsalu ya mkati, pamene chidutswa chanu chowonjezera, chikapindidwa, chidzakhala cha 35 kapena 36. Ndiye kuti msoko wolumikiza udzabisika wonse, palibe amene adzadziwe kuti siketi inawonjezeredwa. Ngakhale maluwa asakumane bwino pamsokopo, si nkhani. Chimene muonetsetse ndi chakuti maluwa ayang'ane kumodzi. Ngati pa chidutswa chachikulu mbalame zikuyang'ana kumwamba, pa chaching'ononso ziyang'ane kumwamba, chifukwa mphepo ikakankha nsalu yapamwamba zimaoneka.

Anambewe_Kasungu
Ine ndifunse pa mawu a agogo aja oti mamita awiri athunthu. A NaPhiri anadula 125, chatsala 56. Kuphatikiza ndi 181. Nanga masentimita 19 apita kuti? Sanakuberani ogulitsa?

Mbeta_ya_ku_Mzuzu
Zitenje zambiri zimabwera mumayadi, osati mumamita. Mpukutu wa mayadi sikisi amaudula patatu, chilichonse mayadi awiri, ndipo mayadi awiri ndi masentimita ngati 183. Ife timangoti mamita awiri pozolowera kulankhula. Ine ndimapita ndi tepi yanga pamsika, ndipo ogulitsa ena amakwiya nazo, koma zinandithandiza kambirimbiri. Munthu wa mahipi opyola 115 chitenje chimodzi sichimukwana pa siketi yokulunga, agule ziwiri zofanana nthawi imodzi.

Anambewe_Kasungu
Ayi, ine kuno ndimagula za mamita awiri enieni, ndinayezapo.

Mbeta_ya_ku_Mzuzu
Zilipo, sindikukana. Ndangoti muziyeza musanadule, musamakhulupirire dzina.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Nanga za lamba wosiya mpata kumsana zija, abambo? Kuwonjezera nsalu kuthetsa zimenezonso?

Telala_wa_Pakhonde
Ayi, limenelo ndi vuto lina, ndipo mukangowonjezera nsalu osalikonza, likula. Nsalu yanu ndi yofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi, koma thupi lanu si lofanana choncho. Pachiuno ndi 82, pamahipi 104. Kusiyana ndi 22 pa kuzungulira kamodzi, ndipo pa kamodzi ndi theka ndi 33. Ndiye kuti pamwamba pa siketi pali masentimita 33 a nsalu amene alibe kokhala. Mukakoka zingwe, nsaluyo imapendekeka kuti ithine pachiuno, ndipo ikapendekeka pamwamba kumunsi kumatseguka ngati sizasi. N'chifukwa chake munati mukamangitsa zikuipiraipira.

Mankhwala ake ndi madati, timapindo tosongoka timene timasokedwa kuti nsalu ichepe pachiuno. Yalani nsalu yanu ya 156 patebulo, muigawe patatu ndi choko, gawo lililonse 52: kutsogolo kwa mkati, kumbuyo, kutsogolo kwa pamwamba. Pa mizere iwiri yogawayo ndi pamene padzakhale m'mbali mwa thupi. Pamenepo ikani madati akuluakulu, lililonse lodya masentimita 6, lotsika masentimita 18 mpaka 20. Kumbuyo ikani awiri odya 4 lililonse, otsika 14. Kutsogolo kulikonse ikani awiri odya 3, otsika 10 okha, chifukwa mimba imayambira pafupi. Mukaphatikiza ndi 12, 8 ndi 12, zonse 32. Sentimita imodzi yotsalayo imalowa yokha pomata lamba. Pamwamba padzatsala 123 kapena 124, amene ndi chiuno chanu kamodzi ndi theka.

Posoka dati yambirani pamwamba potakata, kutsika kumka kosongoka. Mukayandikira kunsonga, masitichi atatu omaliza ayende m'mphepete mwenimweni mwa popindapo. Musabwezere makina kumbuyo pansongapo. Siyani ulusi wautali, mumange mfundo ndi manja. Mukabwezera kapena mukamaliza mwadzidzidzi, pamatuluka kanthu kotukumuka ngati kachithupsa, ndipo pa chitenje chouma ndi sitachi kamaoneka patali.

Mayi_a_Tadala
Madati asanu ndi atatu pa siketi imodzi! Abambo, munthuyu akungophunzira. Ine ndimangopinda timapuliti pamwamba n'kupondereza ndi lamba, zimatha msanga.

Telala_wa_Pakhonde
Mapuliti amagwira ntchito, sindikukutsutsani mayi. Kumbuyo ndi m'mbali akhoza kutero. Koma kutsogolo kuli nsalu ziwiri, ndiye mapuliti a mkati ndi a pamwamba amakwerana, pamimba n'kutupa.

Mayi_a_Tadala
Ndiye kutsogolo madati, kumbuyo mapuliti. Tagwirizana?

Telala_wa_Pakhonde
Kwa amene ali ndi changu, eya. Kwa kasitomala wanga ndingaike madati konse.

Fashoni_Area25
Ine njira yonseyi sindigwirizana nayo. Siketi yokulunga yodulidwa ngati bokosi imamanga miyendo, chifukwa kumunsi n'kofanana ndi pamahipi. Kusukulu yosoka anatiphunzitsa kudula zidutswa zitatu, chilichonse chopapatiza pamwamba, chotakata kumunsi, misoko yake yowongoka koma yopendekera kunja. Imeneyo ukamayenda nsalu imakutsata, siyasama, ndipo madati amachepa. Ndinasokera mchemwali wanga yotero ndipo amakwera nayo kabaza osavutika.

Telala_wa_Pakhonde
Mukunena zoona kuti imagwa bwino. Koma werengani nsalu. Pa munthu wa miyeso ya mayi Phiri, chidutswa chilichonse chingafune ngati 50 pamwamba ndi 80 kumunsi. Mukaziyala zitatu zonse choimirira mukufuna masentimita 240. Mukatembenuza chapakati mutu pansi kuti zilowane, mukufunabe 210, ndipo maluwa a chidutswa chimenecho adzakhala chadodolido. Pa chitenje cha 181, chomwe chadulidwa kale, sizingatheke.

Fashoni_Area25
Pa chitenje ichi ndavomera. Koma amene akuyamba kumene agule ziwiri, asoke ya zidutswa zitatu. Sadzabwereranso ku bokosi.

Mbeta_ya_ku_Mzuzu
Ine ndili nazo zonse ziwiri. Ya zidutswa zitatu mphepo ya kunyanja imainyamula mosavuta kuposa yowongoka. Chilichonse chili ndi pake.

Gogo_Nachisale
Mwandikumbutsa kale. Lamulo la kavalidwe la 1973 litabwera, akazi sitinkaloledwa kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa atsikana zosokasoka, ndipo siketi iliyonse tinkaiyesa mwini wake atakhala pa benchi, osati ataimirira. Chizolowezi chimenecho sindinachisiye. Mwana wanga Phiri, usanasoke lamba, gwiriza zonse ndi mapini, uvale, ukhale pampando, ukwere sitepe, uwerame ngati ukutola kanthu. Zikakana pamenepo, kumasula mapini n'kosavuta kusiyana ndi kumasula ulusi.

Funso langa ndi lina: chitenjecho unachapa usanadule?

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Ayi agogo, sindinachape. Ndinaopa kuti chisuluka ndisanachivale.

Gogo_Nachisale
Ndiye uchape tsopano, zidutswa zonse pamodzi, usanalumikize. Nsalu ya thonje imabwerera ikalowa m'madzi koyamba. Ukachapa utasoka kale, siketi imafupika ndipo misoko imakhwinyata. Komanso sitachi ya kufakitale imanamiza: nsalu imaoneka yolimba, koma ikachoka umapeza kuti ndi yopyapyala. Madzi ozizira, sopo pang'ono, uyanike pamthunzi, usite isanaumitsitse. Ukatero uyezenso. Ngati 125 uja wabwerera kufika 122, chidutswa chowonjezera udule 43. Nsalu ilipo yokwanira.

Anambewe_Kasungu
Muviike m'madzi a mchere usiku wonse, utoto sudzachoka mpaka kalekale.

Mbeta_ya_ku_Mzuzu
Ine ndinayesa mchere pa chitenje chofiira, madzi anafiirabe mpaka kuchapa kachitatu. Chimene chimasuluka chimasuluka basi. Chachikulu ndi kuchapa pachokha ndi kupewa dzuwa.

Anambewe_Kasungu
Mwina mcherewo unachepa. Mayi anga amatero zaka zonse, zitenje zawo zikadali zowala.

Bambo_a_Chisomo
Pepani kulowerera. Akazi anga anapereka zitenje ziwiri kwa telala wina mwezi wa Novembala kuti awasokere za Khirisimasi. Tsiku lililonse ankati mawa. Titakatenga tinapeza siketi imodzi yokha, ndipo zotsala anati palibe. Kodi zitenje ziwiri zingathere pa siketi imodzi?

Telala_wa_Pakhonde
Ngati ndi ya zidutswa zitatu ija, chitenje chachiwiri chimadulidwa ndithu, koma pamatsala chidutswa chachikulu choti n'kutuluka duku kapena kasiketi ka mwana. Zotsala ndi za mwini nsalu. Munene poyambirira kuti mudzazifuna, ndipo muyeze nsalu pamaso pake.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Tibwerere kwa ine pang'ono. Ndachapa, 125 wabwerera kufika 123, ndiye ndidula 42. Koma makina angawa alibe zigizagi, ovaloko ndilibenso. Msoko wolumikizawo ndiutani kuti ulusi usamayoyoke mkati?

Gogo_Nachisale
Usoke kawiri, msoko wobisa. Poyamba phatikiza nsalu ziwirizo mbali zoipa zitayang'anizana, maluwa ali kunja, usoke theka la sentimita kuchokera m'mphepete. Zidzaoneka ngati walakwitsa, koma ndi momwemo. Dula tiulusi tolendewera, usite, kenaka utembenuze kuti maluwa apsompsonane mkati, usokenso sentimita imodzi kuchokera pamsoko woyamba. Mphepete yodula ija imatsekeredwa mkati ngati nyemba m'khoko. Zonse pamodzi zadya sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse, monga anawerengera abambo aja. Chenjera ndi chinthu chimodzi: ngati chitenje chako ndi chija chowala mofanana mbali zonse, lemba ndi choko mbali yoipa usanayambe, chifukwa usokonezeka.

Singano ikhale nambala 14, ndipo ikhale yatsopano. Ukamva makina akugogoda ngati akukhomera msomali, singano yabuntha, idzakoka ulusi wa nsalu n'kusiya timizere toyera pamaluwa.

Fashoni_Area25
Ndipo kumunsi musasiye mphepete ya kufakitale ija yolembedwa mayina kuti ikhale mpendero. Ambiri amatero pothawa kupinda. Imakhala yolukidwa mothina kusiyana ndi nsalu yonse, ndiye ikachapidwa imakoka.

Mayi_a_Tadala
Yanga ndinasiya ndipo siinakoke. Zimatengera chitenje.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Ine ndinapinda kale kumunsi, zimenezo zilibe vuto. Chomaliza ndi zingwe. Poyamba ndinangozisokerera kumapeto onse awiri, ndiye chingwe cha mkati chimatulukira pamwamba pa lamba n'kumamupinda. Anthu amachita bwanji?

Telala_wa_Pakhonde
Chingwe cha mkati chimafuna kabowo kotulukira. Ganizani mutavala: mapeto a mkati athera kudzanja lanu lamanja, pansi pa nsalu yapamwamba. Chingwe chake chituluke pa kabowo pambali pomwepo, chizungulire kumsana, chikakumane ndi chinzake kumanzere. N'chifukwa chake zingwe siziyenera kufanana. Cha mkati chikhale ngati 90, chifukwa 41 athera kumsana, otsalawo ndi omangira. Cha pamwamba 50 akwana.

Kabowoko muike masentimita 45 kuchokera kumapeto a pamwamba. Powerengera pangakhale 41, koma mukaika pa 41 penipeni, mapeto a mkati amafika pabowo n'kuima, ndipo tsiku limene mukufuna kuthinitsa simungathe. Anayi owonjezerawo ndi mpata wokokera.

Popeza makina anu sapanga mabowo a mabatani, chitani chonchi. Lamba mudule masentimita 10 mulifupi, koma wa zidutswa ziwiri zokumana pamene pakhale bowo. Polumikiza, msokowo ndi wa masentimita 10: sokani umodzi ndi theka, mulumphe atatu, musoke umodzi, mulumphe atatu, musoke umodzi ndi theka womaliza. Paliponse poyamba ndi pomaliza mubwezere makina kuti pasamasuke. Musite msokowo chotsegula. Mukapinda lamba pakati, mipata iwiri ija imakumana n'kukhala bowo limodzi laukhondo. Kenaka zungulirani bowolo ndi msoko umodzi kuti nsalu ziwirizo zigwirane. Zingwe zikhale zopapatiza kuposa bowo, masentimita awiri ndi theka zikatha.

Chimz_ku_Joni
Tepi ya mlamu wanga kuno ndi ya mainchesi. Manambala onsewa awasinthe bwanji?

Mbeta_ya_ku_Mzuzu
Atembenuze tepiyo, kuseri kwake kumakhala masentimita. Ngati kulibe, inchi imodzi ndi masentimita awiri ndi theka kuposerako pang'ono. Koma asatenge manambala a a NaPhiri, ayeze thupi lake, atsate njira yokhayo.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Ndabweranso patatha masiku anayi. Ndalumikiza chidutswa, msoko wobisa watuluka bwino ndipo sukuoneka ndikavala. Ndagwiriza madati ndi mapini ngati munanenera agogo, ndakhala pampando, ndakwera masitepe a kutchalitchi, siketi siyinatseguke. Lamba wakwanira polumikiza kamzere kaja ndi zotsala za chidutswa, koma chingwe chachitali chatuluka cha zidutswa zitatu. Vuto latsala limodzi: madati akumbuyo a 4 aja akuoneka ochepa, pamsana pakadali kampata ka zala ziwiri, pamene kutsogolo kukuthina pamimba. Ndichepetse akutsogolo n'kuwonjezera akumbuyo?

Telala_wa_Pakhonde
Eya. Manambala aja ndinagawa osakuonani. Chotsani theka la sentimita pa dati lililonse lakutsogolo, anayiwo akupatsani awiri, muwaike kumbuyo kuti lililonse likhale 5. Dati likakula litalikenso, mulitsitse kufika 16, apo ayi nsonga yake itukumuka.

Fashoni_Area25
Kapena kumbuyo muike anayi ang'onoang'ono m'malo mwa awiri akuluakulu. Pa munthu wa msana wolowa amagona bwino.

Telala_wa_Pakhonde
Zimathekanso. Ayese mbali imodzi njira iyi, mbali ina njira inayo, ndi mapini, wina amuyang'ane kumbuyo.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni
Mchemwali wanga abwera Loweruka, adzandiyang'ana. Pakadali pano ndikutembenuza chingwe chachitali chija, chakanirira pa msoko wachiwiri ndipo pini wathawira mkati. Alipo amene ali ndi njira yochitulutsira osang'amba?

Gogo_Nachisale
Masula masitichi ochepa pafupi ndi pamene chakanirira, utulutse pini. Ndipo ulendo wina usatembenuze chingwe cholumikizalumikiza. Upinde mphepete zonse ziwiri kulowa mkati ndi simbi, upindenso pakati, usoke pamwamba.